Mbiri ya masamba anayi, mphindi ziwiri zokha: ndidule pati?

"Zikomo bambo. Ndine mlembi wa amayi pa mpingo wathu kuno ku Mufakose. Mwezi wamawa taitana mayi wina, mzamba wopuma pantchito, kuti adzatiyankhule za kuthamanga kwa magazi. Anditumizira mbiri yawo ya masamba anayi m'Chingerezi, ndipo amayi apampando akuti ndiwadziwitse kwa anthu m'mphindi ziwiri basi. Ndikadula zina ndikuopa akhumudwa, ndikawerenga zonse anthu agona. Mbiriyo ndi iyi ndakutumizirani. Ndidule pati?" Mlembi wa amayi, Mufakose.

Mayi mlembi, mtima m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyendetsa miyambo muno m'Harare, m'matchalitchi, pa maukwati ndi pa misonkhano ya magulu othandizana pa maliro, sindinaonepo mlendo atakwiya chifukwa chakuti womudziwitsa wasiya satifiketi ina. Amene ndinawaona atakwinya nkhope ndi aja amene dzina lawo linatchulidwa mopotoka, ndi aja amene anaimirira kuti ayankhule nthawi yawo itadyedwa kale, anthu atayamba kuyasamula. Mayiwa anakutumizirani masamba anayi chifukwa ndi pepala limene ali nalo pafupi. Mosakayika ndi lomwelo limene amatumiza kwa aliyense wowapempha mbiri, ndipo linalembedwa kuti liwerengedwe ndi maso pa desiki ya munthu wolemba ntchito kapena wokonza msonkhano waukulu.

Diso ndi khutu sizigwira ntchito mofanana. Wowerenga amalumpha mzere umene sukumukhudza, akasokonezeka amabwerera m'mbuyo. Womvetsera alibe mwayi umenewo. Mawu akamudutsa amudutsa, ndipo mukamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri motsatizana, pofika pa chachinayi waiwala choyamba ndipo wayamba kuganiza za ndiwo za madzulo. N'chifukwa chake ndikuti musadule. Mukatenga bolopeni n'kumafufuta mizere, chotsala chidzakhalabe mndandanda, wamfupi inde, koma wouma chimodzimodzi. Werengani mbiriyo kawiri modekha, kenako tembenuzani pepalalo chafufumimba, muitane mwana wanu kapena mnzanu, mumuuze pakamwa kuti mayi akubwerawa ndani ndipo n'chifukwa chiyani amayi a ku Mufakose ayenera kuwamvera pa nkhani ya magazi. Zimene mutatchule pepala lili chovundikira ndizo zimene omvera anu angathe kupita nazo kunyumba.

Tiyeni tiione mbiriyi pamodzi. Dzina ndilibisa, ndiziti Mayi Uje.

Tsamba loyamba ndi lachiwiri ndi maphunziro: sukulu zimene anadutsamo, dipuloma ya unamwino, ya uzamba, digiri yoyamba, digiri yachiwiri, ndi masatifiketi ena asanu. Tsamba lachitatu ndi maudindo ndi misonkhano, chaka ndi chaka, komiti iyi ndi komiti iyo. Zonsezi n'zoona ndipo anazivutikira, koma ntchito yake pa tsiku lanu ndi imodzi yokha: kutsimikizira amayi kuti munthuyu akudziwa zimene akunena. Pa ntchito imeneyo mboni ziwiri n'zokwana. Ine ndikanatenga zaka 31 zimene anagwira uzamba, ndi mfundo yakuti anaphunzitsa anamwino anzawo. Digiri yachiwiri muitchule kamodzi, modutsa, chifukwa ndiyo nsonga ya maphunziro awo, ndipo amene wamva za digiri yachiwiri adziwa yekha kuti yoyamba inalipo. Masatifiketi asanu aja ndi makomiti onse asiyeni pa pepala.

Chuma chenicheni chili pa tsamba lachinayi, pansi penipeni, pomwe mwinamwake munafikapo mutatopa kale. Pali mzere wakuti anabadwira ku Ntcheu, anabwera ku Salisbury ali kamtsikana pamodzi ndi makolo awo, ndipo anakulira ku Mufakose. Pali mzere winanso wakuti chipumire pantchito, Loweruka lililonse amayeza anthu magazi kwaulere pa tchalitchi chawo. Mayiwa anaika mizere iwiriyi kumapeto chifukwa kwa wolemba ntchito ndi yosafunika. Kwa amayi anu ndiyo nkhani yonse. Woyamba ukuti munthuyu ndi wathu, wayenda m'misewu yathu yomweyi. Wachiwiri ukuti nkhani imene adzayankhule amaigwira ndi manja sabata iliyonse. Ndaona zimenezi kambirimbiri: chimene chimatenthetsa mtima m'mbiri yolembedwa chimabisala kumapeto, pansi pa kamutu kakuti "zina ndi zina". Muziyamba kuwerengera kumeneko.

Mayina a malo muwasinthe akhale a pakamwa. Mbiri yalemba dzina la chipatala lonse, Harare Central, chimene lero chimatchedwa Sally Mugabe Central. Inu nenani kuti "pa Gomo", chifukwa ndi mmene aliyense m'holomo amachitchulira, ndipo mukatero muona mitu ikugwedezeka. Pamene palembedwa Salisbury nenani Harare. Dzinalo linasintha mu 1982, ndipo atsikana amene adzakhale kumbuyo anabadwa litasintha kale. Zaka nazonso muzisandutse utali wa nthawi. M'malo motchula chaka chimene anayamba ntchito ndi chaka chimene anapuma, n'kusiyira omvera masamu ochotsera, nenani "zaka 31". M'mawu onse musapitirire manambala awiri.

Tsopano za nthawi, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa. Mphindi ziwiri ndi masekondi 120. Chotsanipo 10 a moni, chotsaninso 10 a m'manja ndi nthungululu, mwatsala ndi 100. Ine ndikamayankhula Chichewa mosathamanga pa maikolofoni, pa mphindi imodzi ndimatulutsa mawu ngati 100, ndiye pepala langa la mphindi ziwiri silipitirira mawu 170. Musatengere nambala imene mungamve kwa oyankhula Chingerezi, chifukwa mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sitinayezetseko" limadya mpweya wa mawu anayi kapena asanu a Chingerezi. Komanso liwiro langa si lanu. Lembani, tsegulani wotchi ya pa foni, imirirani, werengani mokweza ngati muli kutsogolo kwa anthu. Kuwerenga chamumtima kumanama, kumafulumira kwambiri kuposa pakamwa.

Ndiye pali funso limene simunandifunse, koma kuno ku Harare silithawika: kodi padzakhala womasulira m'Chishona? M'mipingo yathu yambiri achinyamata ndi azipongozi amamva Chishona bwino kuposa Chichewa, ndipo mawu a kutsogolo amanenedwa kawiri. Ngati ndi choncho, mphindi zanu ziwiri ndi mphindi imodzi. Mawu anu akhale 80 kapena 90, ziganizo zifupizifupi, chilichonse choima pachokha, kuti womasulira asamadikire mchira wa chiganizo asanayambe mutu wake. Mpatseni pepala lanu dzulo lake. Womasulira amene akumva zinthu koyamba pomwepo amawonjezera zake kuti apeze mpata woganiza, ndipo mphindi ziwiri zimasanduka zisanu inu mukuyang'ana. Funsani amayi apampando msanga ngati mphindi ziwirizo akuwerengera pamodzi ndi kumasulira.

Musanalembe kanthu, imbani foni kwa Mayi Uje. Mphindi khumi n'zokwana. Pa izi ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndinapsapo. Kalekale ndinapatsidwa mbiri ya mayi wina wolemekezeka, ndipo pansi panalembedwa kuti ali pabanja ndipo ali ndi ana. Ine pofuna kusangalatsa anthu ndinati tiwathokozenso bambo akunyumba amene atibwereka mayiwa tsiku lonse. Holo inangoti zii. Bambowo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo pepala limene ndinanyamula linali lakale, losakonzedwa. Mayiwo anaimirira mwaulemu, nayankhula bwino, koma ine mpaka lero ndikakumbukira nkhope zija thukuta limatuluka. Mbiri zolembedwa zimakalamba mwini wake osadziwa.

Pa foniyo funsani kuti akufuna mudzawatchule bwanji. Ena amafuna dzina la bambo, ena dzina lawo la kuntchito, ena amasangalala mukawatchula ndi mfunda wawo, aNaphiri kapena aNabanda, makamaka pakati pa amayi anzawo. Musawapatse udindo umene alibe poganiza kuti ndi ulemu. Mzamba mukamutcha dotolo mwamuika pa manyazi, chifukwa ayenera kuyamba nkhani yake ndi kukukonzani. Apempheni atchule dzina lawo okha, inu mubwereze mpaka avomere. Mayina ambiri a kwathu anapotozedwa m'maofesi a kuno polembetsa zitupa, moti kalembedwe ka pa pepala ndi katchulidwe ka pakhomo nthawi zina n'zosiyana. Funsaninso ngati zonse zili m'mbirimu zikadali choncho, ndiponso ngati pali chimene sakufuna kuti chitchulidwe pagulu. Za kwawo ku Ntcheu muwapemphe chilolezo. Ambiri amanyadira, koma si onse amene amafuna kuti nkhani ya kumene anachokera ilengezedwe ndi munthu wina. Pomaliza muwafunse mutu wa nkhani yawo m'mawu awoawo, ndi chimene chinawachititsa kuyamba kuyeza anthu magazi Loweruka. Yankho la funso lomalizali likakhala lokoma, lingalowe m'malo mwa chiganizo chilichonse chimene ndalemba m'munsimu.

Nachi chitsanzo chimene ndatola m'masamba anu anayi aja. Ndi mawu pafupifupi 160, a pamene palibe womasulira.

"Amayi apampando, amayi abusa, ndi amayi nonse, zikomo.

Ndani muno amene alibe mbale kapena mnansi wodwala kuthamanga kwa magazi? Ena timamwa mankhwala, ena tinawasiya panjira, ena sitinayezetseko n'komwe. Lero tapeza munthu woti tiwafunse.

Mlendo wathu si mlendo kwenikweni. Anabadwira ku Ntcheu, koma anakulira muno mu Mufakose, ndipo sukulu anayambira pompano. Atakula anaphunzira unamwino, kenako uzamba, nagwira ntchito zaka 31, zambiri mwa izo pa Gomo. Mwina ena mwa ana athu anafikira m'manja mwawo. Anapitiriza maphunziro mpaka digiri yachiwiri, ndipo ena mwa anamwino amene akutithandiza lero anadutsa m'kalasi mwawo.

Koma chimene chinandikhudza ine ndi ichi. Atapuma pantchito sanapachike yunifolomu n'kukhala pansi. Loweruka lililonse amanyamula kamakina kawo koyezera magazi, n'kukakhala pa tchalitchi chawo, kuyeza aliyense wobwera, osalipiritsa ngakhale senti. Choncho zimene atiuze lero sanangoziwerenga m'buku. Amaziona pa mikono ya amayi ngati ife sabata ndi sabata.

Atiyankhula za mmene tingakhalire ndi matendawa pakhomo, ndipo pamapeto pake tikhala ndi mpata wofunsa mafunso. Amayi, tiyeni tiwalandire ndi m'manja ndi nthungululu, Mayi Uje."

Taonani kuti sindinayambe ndi mlendo. Ndayamba ndi amayi omvera ndi vuto lawo, kuti mlendo akamatchulidwa alowe ngati yankho. Moni ndaupereka m'chiganizo chimodzi. Ndikudziwa kuti mwambo wathu umakonda kutchula akuluakulu onse mmodzimmodzi, ndipo ndi mwambo wabwino, koma amayi apampando adzakhala atachita kale zimenezo potsegula msonkhano. Mukabwereza mndandanda wonse, theka la nthawi yanu lapita mlendo musanamukhudze, ndipo mukaiwalapo mmodzi mwapalamula mlandu umene simukanaupalamula mukanangoti "amayi nonse".

Dzina ndaliika kumapeto kwenikweni, likhale liwu lomaliza kutuluka pakamwa panu. Dzina ndilo belu: likamveka anthu amaomba m'manja ndipo mlendo amadzuka. Mukalitchula mwamphamvu pakati, m'manja muyamba pakati pomwepo, mayiwo adzuka theka, aona kuti simunamalize, akhalanso pansi mwamanyazi. Mukalitchula kumapeto n'kuwonjezera chiganizo china, chiganizocho chimira m'phokoso. Alipo amene amakonda kutchula dzina koyambirira, makamaka ngati mlendo sadziwika kwa aliyense ndipo dzinalo silili pa pulogalamu. Zimenezo n'zotheka, bola mulitchule modekha koyambako, mphamvu muisungire kumapeto.

Chiganizo chakuti "chimene chinandikhudza ine" ndicho chimabweretsa kutentha kumene mukufuna. Kutentha sikuchokera m'mawu otamanda. Mukati "mayi wanzeru zakuya, wodzichepetsa, katswiri wosayerekezeka", anthu amva kale zimenezo pa mlendo aliyense amene anabwerapo, ndipo mwamusenzetsa mayiyo katundu woti akwaniritse. Mukati amanyamula kamakina Loweruka osalipiritsa, kudzichepetsa anthu akuona okha. Mwambi uja wakuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa ndimaukonda, koma watha mano chifukwa wodziwitsa aliyense amaugwiritsa ntchito, ndipo womasulira m'Chishona adzafunika ziganizo ziwiri kuti aufotokoze. Ngati mukuufuna, ukhale wokhawo.

Chenjerani ndi chiyeso chodya nkhani ya mlendo. Mwina mwawerengako za mchere ndi mankhwala a magazi, ndipo lilime lidzayabwa kuti munenepo. Lekani. Mukanena zoona mwamulanda poyambira, mukanena zolakwika ayenera kukutsutsani pamaso pa anthu anu. N'chifukwa chake m'chitsanzomo matendawa ndangowatchula ngati vuto lathu, popanda malangizo. Chimodzimodzi nkhani ya mmene inu munadziwirana ndi mlendoyo: ngati ikuposa chiganizo chimodzi, mwayamba kudzidziwitsa nokha.

Pakakhala womasulira, chitsanzochi muchidule chonchi. Pambuyo pa moni sungani funso lokha ndi chiganizo chakuti tapeza woti tiwafunse. Pa mbiri sungani Ntcheu, Mufakose, zaka 31 ndi Gomo. Digiri ndi ana ofikira m'manja zichoke. Za Loweruka zisachoke, koma zikhale ziganizo ziwiri. Mutu wa nkhani ndi dzina zikhale mmene zilili, ndipo mugwirizane ndi womasulira kuti chiganizo chomaliza asachimasulire, m'manja mutseke nkhani.

Polemba pepala lonyamula, musanyamule masamba anayi aja kupita nawo kutsogolo, chifukwa mantha akakugwirani maso adzathawira komweko ndipo mudzayamba kuwerenga. Lembani pa kapepala kamodzi kolimba, zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse ukhale wa mpweya umodzi. Chiganizo chimene mwapumira pakati poyeserera n'chachitali, chigaweni. Liwu limene lilime lapunthwapo kawiri lisintheni, musalimbane nalo. Yeserani katatu kapena kanayi mpaka chiganizo choyamba ndi chomaliza muzitha kuzinena maso ali pa anthu. Zapakati mukhoza kusuzumira. Poyeserera wotchi iziima pa mphindi imodzi ndi masekondi 40, chifukwa pa tsikulo padzakhala kuseka, "ameni", ndi maikolofoni yolira.

Muli kutsogolo, zizindikiro zakuti mwatalikitsa zimaoneka msanga. Mlendo amayamba kuyang'ana pansi kapena kusanja mapepala ake, amayi apampando ayang'ana wotchi, kumbuyo mafoni atuluka m'zikwama. Mukaona zimenezo musafulumize mawu. Lumphirani pa chiganizo chomaliza, palibe adzadziwe chimene mwasiya. Mukatchula dzina musathawe. Yambani inu kuomba m'manja, dikirani mayiwo afike, apatseni maikolofoni ndi manja awiri, kenako khalani pansi.

Za mantha anu aja akuti akhumudwa, mankhwala ake ndi osavuta. Mawu anu akatha kulembedwa, atumizireni Mayi Uje pa foni masiku awiri tsikulo lisanafike, muwauze kuti mwapatsidwa mphindi ziwiri ndipo muwapemphe akonze cholakwika. Ngati pali chimene chili pamtima pawo, mwina mphotho ina imene amainyadira, adzanena, ndipo inu muchotse chiganizo china kuti chimenecho chilowe. Mbiri yonse mukhoza kuisindikiza kuseri kwa pulogalamu kapena kuimata pa bolodi la zidziwitso, n'kuwauza kuti mwatero. Akaumirira kuti masamba onse awerengedwe, musakangane nawo nokha. Imeneyo ndi nkhani ya amayi apampando, amene anawaitana ndiponso amene ali ndi mphamvu yowonjezera nthawi.

Pali alendo ena amene pa iwo musadalire malangizo angawa okha. Tsiku lina mukadzapatsidwa mfumu, kazembe, nduna ya boma kapena mkulu wa sinodi, maudindo awo ali ndi katchulidwe kake ndi ndondomeko yake ya amene amayamba kutchulidwa, ndipo kawirikawiri munthu wotere amadziwitsidwa ndi mkulu mnzake, osati mlembi. Pamenepo funsani abusa, kapena imbani ku ofesi ya mlendoyo muwapemphe akulembereni mmene amatchulidwira, liwu ndi liwu. Ndipo ngati Chingerezi cha m'mbiri chili ndi mayina a maphunziro amene simukudziwa kuti m'Chichewa munganene bwanji, pezani namwino wa mumpingo mwanu akuuzeni mmene iwo amanenera pakamwa. Pa mbiri ya Mayi Uje simudzafunika zimenezo: unamwino, uzamba ndi digiri yachiwiri zakwana.